Kukumbutsa Si Mwano: Za Kalata Yachiŵiri ya Wopempha Malo Ophunzirira Ntchito

Chaka ndi chaka anyamata ndi atsikana a m'sukulu za ntchito zamanja ndi za ukachenjede amalemba makalata opempha malo ophunzirirako ntchito, amene ambiri adazoloŵera kuwatchula kuti atachimenti. Kalatayo imalembedwa mosamala, mphunzitsi naiŵerenga ndi kuikonza, kenaka mwini wake nkukaipereka ku kampani kapena ku ofesi ya boma. Zikatero kumayamba kudikira. Sabata imatha, inzake nkutsatira, mpaka mwezi wathunthu, yankho osaoneka. Apa mpamene ambiri amagwira njakata, pakuti kusukulu adaphunzira kalembedwe ka kalata yopempha, koma sadauzidwe chochita ngati kalatayo yapita osabweza mawu.

Pa nthaŵi yotereyi achinyamata amalakwa m'njira ziŵiri. Ena amangokhala chete, poganiza kuti kufunsa akuluakulu za kalata imene adalandira kale ndi mwano, ndipo amadzazindikira nyengo itapita. Ena amachita phuma: lero aimba lamya, maŵa atumiza uthenga, mkuja afika pachipata, mpaka a mu ofesi nkumaliŵerenga dzina lawo ndi tsinya pamphumi. Njira yoyenera ili pakati pa ziŵirizi. Kukumbutsa si mwano. Kukumbutsa kwabwino ndiko kuthandiza munthu wotanganidwa kuti apeze kalata msanga ndi kuyankha funso limodzi losavuta. Wopempha amene wamvetsa zimenezi adzadziŵa yekha nthaŵi yolembera, mawu olemba ndi poyenera kulekera.

Nkhaniyi si yongokometsera khalidwe ayi. M'sukulu za ntchito zamanja monga za Soche, Nasawa, Namitete ndi Mzuzu, zimene maphunziro ake amayang'aniridwa ndi bungwe la TEVETA lokhazikitsidwa m'chaka cha 1999, kukagwira ntchito pamalo enieni ndi gawo la maphunziro. Nchimodzimodzinso kwa ophunzira zauinjiniya ku MUBAS, sukulu imene inkadziŵika kuti Polytechnic mpaka chaka cha 2021. Nyengo ya atachimenti imaikidwa ndi sukulu, ndipo siidikira munthu. Wophunzira amene wataya masabata asanu ndi limodzi ali chete angathe kuyamba mochedwa, kapena kusoŵeratu malo, anzake ali mkati mwa ntchito. Apa mpamene pali phindu kapena tsoka la kalata yachiŵiri.

ULENDO WA KALATA

Kuti munthu akumbutse mwanzeru ayenera kudziŵa kumene kalata yake imadzera. Wopempha amaganiza kuti kalatayo idafika m'manja mwa bwana tsiku lomwelo, bwanayo naiŵerenga, naikana. Kaŵirikaŵiri sizikhala choncho. Mu ofesi yaikulu kalata yoperekedwa pamanja kapena yodzera ku positi imayamba yafika ku chipinda cholandirira makalata, kumene kalaliki amaidinda chidindo cha tsiku, nailemba m'kaundula, naiika m'failo. Mesenjala amanyamula failoyo kupita nayo kwa mkulu woona za antchito. Mkuluyo sangavomere yekha, chifukwa wophunzira zamagetsi sakakhala mu ofesi yake, akakhala ku nthambi ya zamagetsi. Tsono amalemba mawu aŵiri atatu pamwamba pa kalatayo, kufunsa mkulu wa nthambiyo ngati ali ndi malo. Yankho likabwera, failo imabwerera njira yomweyo, ndipo pamafunikanso wina woti alembe kalata yoyankha ndi wina woisaina.

Pa ulendo umenewu kalata ikhoza kuima pamalo anayi. Ikhoza kuima pachipata penipeni, ngati idasiyidwa kwa mlonda amene adaiika m'kabati naiiŵala. Ikhoza kuima pa tebulo la woona za antchito, makamaka kumapeto kwa mwezi pamene iye ali kalikiliki ndi malipiro. Ikhoza kuima kwa mkulu wa nthambi, amene mwina ali ku tchuthi, kumaliro kapena ku ntchito yakutali, ndipo pempho la wophunzira silili pamwamba pa zimene zikumusoŵetsa tulo. Ikhozanso kuima chifukwa cha ndalama, pakuti wophunzira amafunika ovolosi, nsapato zotetezera, womuyang'anira, ndipo m'malo ena kangachepe ka mayendedwe. Kuyambira m'chaka cha 2022 chaka cha ndalama cha boma la Malaŵi chimayamba pa 1 Epulo, kotero si zachilendo kuti pempho lofika mu ofesi ya boma m'mwezi wa Malichi lidikire kaye kuti chaka chatsopano chiyambe.

Pa malo anayi onseŵa palibe pamene munthu wanena kuti ayi. Nchifukwa chake kukhala chete kwa ofesi sikutanthauza kukana nthaŵi zonse. Nthaŵi zina ndi kukanadi, koma nthaŵi zambiri ndi failo yongogona pansi pa mafailo ena. Failo yogona siidzuka yokha. Imadzuka wina akaifunsa, ndipo palibe wina amene angaifunse koposa mwini wake.

NTHAŴI YOYENERA

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono nkudekha, komanso adati Zengerezu adalinda kwawukwawu. Miyambi iŵiriyi siitsutsana, yonse ikunena za kudziŵa nthaŵi. Ngati malo adalengezedwa ndipo padali tsiku lotsekera kulandira makalata, kuŵerenga masiku kuyambire pa tsiku lotsekeralo, osati pa tsiku limene munthu adapereka kalata yake, chifukwa ofesi siyamba kusankha makalata asanathe kufika. Masabata aŵiri kapena atatu atapita kuchokera pa tsikulo, kufunsa nkoyenera. Ngati malo sadalengezedwe, munthu adangolemba yekha monga amachitira ophunzira ambiri, masabata atatu ndi muyeso wabwino. Kufunsa patangotha masiku atatu nkulakwa, chifukwa mwina failo sinachoke nkomwe m'chipinda cha makalata. Ndipo ngati a mu ofesi adanena okha tsiku limene adzayankhe, wopempha adikire tsikulo lipite, awonjezerepo masiku atatu kapena anayi, ndiyeno afunse.

Koma pali kuŵerenga kwina kofunika koposa, kumene ndi kuŵerenga chobwerera m'mbuyo kuchokera pa tsiku loyamba ntchito. Chitsanzo nachi. Mtsikana wina wophunzira zamagetsi pa sukulu ya ntchito zamanja ayenera kuyamba atachimenti ya miyezi itatu Lolemba pa 5 Meyi. Wapereka kalata yake pamanja ku kampani ina ya ku Kanengo mu mzinda wa Lilongwe Lachiŵiri pa 4 Malichi. Pakati pa masiku aŵiriŵa pali pafupifupi masabata asanu ndi anayi. Iye afunika masabata aŵiri omalizira kuti apeze pogona, akonze ndalama ya ulendo ndi kudziŵitsa aphunzitsi ake kumene akupita. Choncho yankho liyenera kukhala m'manja mwake pofika pa 22 Epulo. Akaŵerenga motero, ndondomeko imadzikonza yokha: kalata yokumbutsa pa 25 Malichi, kuimba lamya kapena kupitako pa 8 Epulo, ndi mawu omaliza cha pa 15 Epulo. Pakati pa kufunsa kulikonse pali mpata wokwanira kuti failo iyende, ndipo mtsikanayo sadzadzidzimuka nyengo itamuthera.

Tsiku ndi ola nazonso zili ndi kanthu. Lolemba m'maŵa maofesi ambiri amakhala pa misonkhano, ndipo Lachisanu masana mitima ya anthu imakhala itayamba kale ulendo wa kunyumba. Lachiŵiri, Lachitatu kapena Lachinayi, dzuŵa litakwera pang'ono koma nkhomaliro isanakwane, ndiyo nthaŵi imene munthu wa mu ofesi angamvetsere modekha.

AYAMBE WAFUFUZA KWAKE

Asanaloze chala ofesi, wopempha ayambe wayang'ana mbali yake. Makalata ambiri amayankhidwa koma yankho osamupeza mwini wake. Nambala ya lamya imene adalemba ikhoza kukhala yolakwika pa chiŵerengero chimodzi, kapena ndi ya foni imene imakhala yozima masana onse chifukwa moto udatha. Kalaliki amene ali ndi maina makumi aŵiri oti aimbire sabwereza kanayi. Akalephera kaŵiri amapita pa dzina lotsatira. Keyala ya positi ikhoza kukhala ya sukulu ya pulaimale ya kumudzi kapena ya tchalitchi, kumene kalata ingagone sabata zingapo osaperekedwa.

Amene adatumiza pempho lake pa imelo atsegule `Sent` kuti aone ngati kalatayo idachokadi, ngati keyala adailemba molondola, ndiponso ngati zikalata zonse adaziphatikizadi. Ayang'anenso mu `Spam`, mmene mayankho ochokera ku makeyala achilendo amagweramo nthaŵi zina. Polemba kalata yokumbutsa, ndi bwino kutsegula kalata yoyamba ija ndi kugwiritsa ntchito `Forward`, chifukwa njira imeneyi imanyamula kalata yoyamba pamodzi ndi zikalata zake, pamene `Reply` imasiya zikalatazo. Motero woŵerenga amapeza zonse pamalo amodzi, osavutika kufufuza.

Kwa wopereka kalata pamanja, nzeru imayambira pa tsiku lopereka. Apite ndi makalata aŵiri ofanana, apemphe mwaulemu kuti imodzi aidinde chidindo cha tsiku nabwerere nayo, ndipo afunse dzina kapena udindo wa amene walandira. Kapepala kodindidwako ndiko kamene kadzachititse kuti kalata ipezeke m'kaundula pa mphindi zochepa.

ZOYENERA KUKHALA M'KALATA

Kalata yokumbutsa ili ndi ntchito imodzi, ndipo siiyenera kupitirira theka la tsamba. Maofesi ambiri amalandira makalata m'Chingerezi, ndipo wopempha adzailemba m'chinenero chimenecho, koma mfundo zake nzomwezi. Kalata ya mtsikana wa zamagetsi uja, yopita kwa mkulu woona za antchito pa 25 Malichi, ingamveke motere:

"Bwana,

KUKUMBUTSA ZA PEMPHO LA MALO OPHUNZIRIRA NTCHITO YA ZAMAGETSI, LA PA 4 MALICHI

Pa 4 Malichi ndidapereka ku chipinda chanu cholandirira makalata pempho la malo ophunzirira ntchito mu nthambi ya zamagetsi, kwa miyezi itatu kuyambira pa 5 Meyi. Pamodzi ndi pempholo padali kalata ya mkulu wa sukulu yathu ndi chikalata cha mbiri ya maphunziro anga. Ndaphatikizanso zonsezi pa kalata ino kuti musavutike kuzifufuza.

Ndalemba kuti ndidziŵe ngati pempholo lidakupezani, ndiponso tsiku limene ndingayembekezere yankho. Sukulu yathu ifunika kudziŵa kumene ndikaphunzire pofika pa 22 Epulo. Ngati pali chikalata china chimene chikusoŵa, ndidzabwera nacho tsiku limene mungandiuze.

Ndithokoza chifukwa cha nthaŵi yanu.

Ine wanu wodzichepetsa,"

Pansi pake pabwere dzina lonse monga lidalembedwera pa kalata yoyamba, dzina la sukulu ndi nambala ya lamya imene imayankhidwa.

Mawu aliwonse m'kalatamu ali ndi chifukwa chake. Mutu wa kalata ndi ndime yoyamba zikutchula tsiku, malo operekera ndi nthambi, zimene ndi zinthu zitatu zofunika kwa kalaliki kuti apeze failo. Kuphatikizanso zikalata kukutseka pakamwa pa vuto lalikulu, lakuti kalata yoyamba idasokera, pakuti ngakhale idasokeradi, pempho lonse lafikanso lathunthu. Funso limene lafunsidwa ndi lopepuka. Mtsikanayo sadafunse kuti, kodi mwanditenga? Funso limenelo limafuna msonkhano wa anthu angapo, ndipo munthu wofunsidwa zimene sangayankhe yekha amasankha kukhala chete. Iye wafunsa ngati kalata idafika ndi tsiku loyembekezera yankho, zimene ngakhale mlembi wa bwana angayankhe ali chiimire. Tsiku la 22 Epulo latchulidwa monga lamulo la sukulu, osati monga chiopsezo cha wopempha, kotero likufulumizitsa popanda kukhumudwitsa. Tsikulo liyenera kukhala loona. Wonama kuti kwina amuitana kale angauzidwe kuti pitani konko, natsala manja ali m'khosi.

Zosayenera kulembedwa nazonso nzofunika kuzidziŵa. Kalata isakhale ndi mawu odandaula monga akuti, ndadikira nthaŵi yaitali koma simundiyankha, pakuti woŵerenga akamva kuti akuimbidwa mlandu amayamba kudziteteza mmalo mothandiza. Isakhale ndi mbiri ya umphaŵi wa pakhomo, ngakhale umphaŵiwo ndi woona, chifukwa kampani imapereka malo poona ntchito imene ilipo ndi womuyang'anira wophunzirayo. Isabwereze zonse za m'kalata yoyamba. Isachulukenso kupepesa. Kupepesa kamodzi ndi ulemu, koma kupepesa pa mzere uliwonse kumaonetsa ngati munthu akuchita chinthu choletsedwa, pamene sakulakwa kanthu. Chinthu chatsopano chokha chimene chingawonjezedwe ndi chimene chasintha kuchokera pa tsiku la kalata yoyamba, monga zotsatira za mayeso zimene zangotuluka kumene kapena nambala ya lamya yatsopano.

KUFUNSA PAKAMWA NDI KUMVA YANKHO

Masabata ena aŵiri akatha popanda mawu, nthaŵi yakwana yoimba lamya kapena kupitako. Woimba aimbe pa nambala ya ofesi, ali ndi mayunitsi okwanira, atakhala pamalo opanda phokoso, kalata yodindidwa ija ndi cholembera zili pafupi. Kufulasha kuti a ku ofesi aimbe okha, kapena kutumiza uthenga usiku pa foni ya m'manja ya bwana imene munthu waipeza kwa mnzake, kumaononga zonse zimene kalata yabwino idamanga. Mawu ake akhale achidule: "Mwadzuka bwanji, mayi? Pepani, ndikudziŵa kuti muli pa ntchito. Ndine wophunzira zamagetsi, ndidapereka pempho la atachimenti pa 4 Malichi, ndipo ndidakumbutsa pa 25 Malichi. Kodi mungandithandize kudziŵa pamene pempholi lafika?"

Mlonda wa pachipata, mesenjala ndi mlembi apatsidwe ulemu wofanana ndi wa bwana. Achinyamata ena amadutsa anthu ameneŵa ngati mitengo, osadziŵa kuti iwo ndiwo amadziŵa tebulo limene failo yagonapo, ndipo ndiwo angaikweze pamwamba kapena kuisiya pansi. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata.

Mayankho amene amabwera ndi a mitundu inayi, ndipo uliwonse uli ndi chochita chake. Akati kalata yanu sitikuiona, wopempha asakwiye. Imeneyi ndi nkhani yabwino, chifukwa ikutanthauza kuti sadakanidwe. Apereke ina tsiku lomwelo, afunsenso dzina la woilandira. Akati ili kwa mkulu wa nthambi, ndiye kuti failo ili moyo, ndipo funso lotsatira ndi lakuti, kodi ndingadzafunsenso tsiku liti? Tsiku limene apatsidwalo alisunge, asadzafunse lisanakwane, asadzaliphonyenso. Akati malo adadzaza, athokoze, afunse mwezi umene amalandira ophunzira ena ndiponso ngati pempho lake lingasungidwe. Yankho lotere limapweteka, koma lamasula munthu kuti akafune kwina nthaŵi ikadalipo. Lovuta kumasulira ndi lachinayi, lakuti tidzakuimbirani. Likanenedwa koyamba likhoza kukhala loona. Likanenedwa kachiŵiri popanda tsiku kapena dzina la munthu, wanzeru amadziŵa kuti kumeneko ndi kukana kwa anthu aulemu amene safuna kunena ayi pamaso.

POLEKERA

Kufunsa kuli ndi malire. Kalata imodzi, lamya imodzi ndi mawu omaliza, zonse pamodzi katatu, nzokwanira. Mawu omalizawo ndi mizere itatu yokha, yonena kuti tsiku la sukulu layandikira, kuti wopempha akadali wofunitsitsa, ndi kuti ngati malo palibe nyengo ino akuthokoza ndipo adzapemphanso mtsogolo. Kupitirira apo sikuwonjezera mwayi, kumangochepetsa ulemu.

Nchifukwa chake si nzeru kuika mtima wonse pa khomo limodzi. Mtsikana uja, pa tsiku limene ankapereka kalata ku Kanengo, adayenera kuperekanso ena ku malo atatu kapena anayi, nalemba m'kope tsiku la kalata iliyonse, woilandira ndi tsiku lokumbutsa. Wina adzati mapanga aŵiri avumbwitsa. Mwambiwu ukunena za munthu wovomera malo aŵiri nthaŵi imodzi, osati wogogoda pa makomo angapo. Chofunika nchakuti akalandiridwa kwina alembere enawo mawu aŵiri owadziŵitsa kuti wapeza malo. Potero amatsegulira mnzake mpata, ndipo amasiya dzina labwino pa khomo limene mwina adzagogodanso pofuna ntchito yeniyeni.

ZIMENE OTSUTSA AMANENA

Pali anthu a mu ofesi amene amati makalata okumbutsa ndi mtolo chabe. Iwo amati ngati ophunzira zana limodzi atapempha, aliyense nakumbutsa katatu, ntchito ina yonse idzaima. Dandaulo limeneli lili ndi choonadi chake, ndipo nchifukwa chake kalata iyenera kukhala yaifupi, yosoŵa kufufuza, ndi yosabwerezedwa kosalekeza. Ndiponso pamene chilengezo chidanena poyera kuti okhawo osankhidwa ndiwo adzadziŵitsidwe, wopempha afunse kamodzi kokha ngati kusankha kudatha, ndipo pamene chidaletsa kuimba lamya asaimbe konse. Kumvera malangizo olembedwa ndi mayeso oyamba a wofuna ntchito. Pa ndondomeko zazikulu zolandira anthu ambirimbiri nthaŵi imodzi, monga imene boma lidayambitsa m'chaka cha 2018 yotumiza omaliza maphunziro a ukachenjede kukaphunzira ntchito m'maofesi ake, chanzeru nkutsata kumene maina amalengezedwa, pakuti kalata ya munthu mmodzi siingafulumizitse mndandanda wa dziko lonse.

Komabe mtolo umene a mu ofesi amadandaula nawo ngwodzisenzetsa okha. Ofesi imene imayankha ndi mzere umodzi wonena kuti talandira, tidzayankha pofika tsiku lakuti, siilandira makalata okumbutsa ambiri. Ngakhale yankho lokana ndi mphatso kwa wophunzira, chifukwa limamubwezera masabata ake. Kusunga mwana wa eni ake m'chiyembekezo kwa miyezi iŵiri, pamene zidadziŵika kale kuti malo palibe, si ulemu konse, ngakhale kumaoneka ngati kufatsa.

Otsutsa ena ndi a kumudzi ndi a pakhomo, amene amati makalata ngotaya nthaŵi, chofunika nkukhala ndi mbale mkati. Palibe angakane kuti ena amaloŵa motero. Komatu mfundo imeneyi ikungoonetsa kufunika kwa kalata yachiŵiri. Mwana wa munthu wodziŵika ali ndi amalume omukumbutsira failo yake pa nkhomaliro. Mwana wa mlimi wa ku Ntchisi kapena ku Nsanje alibe womunenera, ndipo akakhala chete palibe adzatchule dzina lake m'nyumba imeneyo. Kumuphunzitsa kuti kufunsa ndi mwano nkumulanda chida chokhacho chimene ali nacho. Ngati pafunika munthu wamkulu womulankhulira, woyenera ndi mphunzitsi woona za atachimenti pa sukulu yake, chifukwa iye amalankhula m'dzina la sukulu, poyera, pa nkhani imene ndi ya udindo wake.

Pali chenjezo limodzi losayenera kubisidwa. Munthu wofunitsitsa malo amaoneka msanga kwa anthu oipa mtima. Wina akanena kuti failo idzayenda pokhapokha patumizidwe ndalama pafoni, kapena akauza mtsikana kuti akakambirane za pempho lake madzulo kumalo ena osati ku ofesi, imeneyo si njira ya kalata. Ziphuphu nzoletsedwa ndi lamulo la m'chaka cha 1995 limene lidakhazikitsa bungwe la ACB, ndipo kuvutitsa munthu pomufuna zachiwerewere nkoletsedwa ndi lamulo loona za kusasiyanitsa pakati pa amuna ndi akazi la m'chaka cha 2013. Wophunzira wokumana ndi zotere aleke pomwepo, asunge mauthengawo, ndipo adziŵitse aphunzitsi ake. Ubwino wina wa kukumbutsa mwa kalata, pa keyala ya ofesi ndi m'maola a ntchito, ngwakuti kumasunga nkhani yonse poyera.

MAWU KWA APHUNZITSI

Aphunzitsi a chinenero amatha maola ambiri pophunzitsa kalata yopempha ntchito: poika keyala, poika tsiku, polemba mutu ndi potsekera. Zonsezi nzabwino, koma phunzirolo limathera pakati pa njira. Ola limodzi lokha lingakwane kuti ophunzira ajambule ulendo wa failo pa bolodi, aŵerenge masiku chobwerera m'mbuyo kuchokera pa tsiku loyamba ntchito, alembe kalata yokumbutsa ya theka la tsamba, ndipo aŵiriaŵiri ayeseze kuimba lamya, wina akhale mlembi wotanganidwa, wina wopempha. Pochonga kalatayo mphunzitsi afunse mafunso aŵiri okha: kodi kalaliki angapeze failo ndi zimene zalembedwazi, nanga funso lafunsidwali lingayankhidwe ndi mzere umodzi?

Makolo adati safunsa adadya phula. Ulemu umene ana a dziko lino amaleredwa nawo ndi chuma, ndipo palibe akunena kuti autaye. Koma ulemu sudakhalepo kusoŵa mawu. Ngakhale pabwalo la mfumu munthu amaomba m'manja, nagwada, kenaka nanena chimene wadzera. Wofuna malo ophunzirira ntchito achite chimodzimodzi: adikire masabata ake atatu, alembe mwachidule, afunse chinthu chimodzi, athokoze, ndipo akafunsa katatu osamva kanthu, anyamule zikalata zake nkukagogoda khomo lina nthaŵi ikadalipo.